Moni wa Chaka cha Chitopa

Chaka chimene chitopa chinasesa nkhuku kwathu kuno ku Mchinji, ine ndinayenda khomo ndi khomo kupereka moni wa chaka chatsopano ndili ndi kampeni kumphasa. Moniwo unali weniweni, pepani wanganso anali weniweni, koma kumtima ndinkafuna munthu mmodzi agwe chagada anthu akuona. Munthuyo ndi mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga.

Ndili ndi kashopu pa Boma, kuseri kwa msika, komwe ndimagulitsa anapiye, chakudya cha nkhuku ndi katemera. Tinakatsegula awiri ndi amuna anga. Iwo atatisiya, mlamu wangayu anabwera ndi nkhope yachisoni, amvekere, "Alamu, matumba awa simungawathe nokha, ndikuthandizeni." Ndinamulandira ndi manja awiri. Anakhala nane zaka zingapo, akudya za m'mbale mwanga, akuphunzira kuti kasitomala uyu amakhala pati, uyu amakonda nkhuku zoyera, uyu amakonda za mikolongwe, uyu ukamuseketsa amagula kawiri. Atakhuta nzeru zanga anapukuta pakamwa n'kukatsegula shopu yake tsidya la msewu, kuyang'anana ndi yanga. Ngakhale utoto wa chitseko anasankha wofanana ndi wanga.

Zimenezo ndikanazimeza. Msika ndi wa aliyense. Chimene sindinameze ndi zimene anachita m'nyengo yozizira ya chaka chimenecho.

Amene sanawetepo nkhuku adziwe kuti chitopa sichichizika. Chikalowa m'khola nkhuku zimayamba kuodzera, mapiko n'kugwa pansi ngati zavala jekete, zina n'kupindika khosi, ndipo pakangotha masiku owerengeka watsala ndi nthenga. Chitetezo chake ndi katemera basi, kadontho m'diso la nkhuku iliyonse, matendawo asanafike, kubwereza pakapita miyezi ingapo. Koma katemerayo amafuna pozizira. Akatentha amafa, ndipo ukadontheza wakufa wangodontheza madzi.

Chaka chimenecho magetsi ankangothimathima. Mlamu wanga anaona mpata. Anayamba kunong'oneza makasitomala anga, mmodzimmodzi, ndi mawu achifundo aja: "Ine sindikunena zoipa za alamu anga, ndi mayi wabwino. Koma furiji yawo ija ndimaidziwa, ndinagwirapo ntchito pamenepaja. Magetsi akathima katemera amagona potentha. Mukufuna kutaya nkhuku zanu?" Akatero ankatulutsa timapaketi ta ufa wachikasu tomwe ankaoda kutsidya kwa malire, n'kumati ameneyo ndiye mankhwala amakono, wongosungunula m'madzi akumwa, osavutika ndi kugwira nkhuku imodziimodzi.

Chimene ankachidziwa bwino lomwe, koma osachinena, n'chakuti magetsi akangothima ine ndinkanyamula katemera yense m'kabokosi ka ayezi kupita naye kwa bambo wina wachisilamu wa golosale yoyandikana ndi ine, amene ali ndi jenereta ndi furiji ya zakumwa. Katemera wanga ankagona pakati pa mabotolo a zoziziritsa kukhosi, ali bwinobwino. Mlamu wanga yemweyo anali atanyamulapo kabokosiko ndi manja ake kambirimbiri.

Anthu anamukhulupirira. Bwanji asamukhulupirire, poti ndi wachibale, wa m'nyumba momwemo? Nthawi ya katemera itakwana ndinakhala m'shopu kuwerenga ntchentche. Anabwera ochepa chabe, akale amene sasintha njira. Ndinatemera nkhuku zawo, ndinatemera zanga za kuseri kwa nyumba, katemera wotsalayo n'kutha mphamvu ali m'furiji. Tsiku lina lamsika ndinayesa kuimitsa atcheya a gulu la amayi oweta nkhuku la kufupi ndi ku Guilleme, omwe anali kasitomala wanga wamkulu kuposa onse, amene akaoda anapiye ankaodera gulu lonse. Ndinati ndiwafotokozere. Anandiyankha mokweza, pakati pa ogulitsa tomato, kuti, "Mayi, tisiyeni! Mwatidyera kokwanira ndi madzi anu a m'mabotolowo." Anthu anaseka. Ndinabwerera kushopu n'kutseka chitseko dzuwa lili pamutu.

Kutentha kutayamba, chitopa chinabwera monga chimabwerera. Chinayambira cha kumalire, n'kutsika mudzi ndi mudzi. Ufa wachikasu uja nkhuku zinamwa, n'kufa zitamwa. Kumsika nyama ya nkhuku inatchipa mochititsa manyazi, poti aliyense ankathamangira kupha zisanafe zokha. Zanga zinafapo pang'ono, zambiri zinapulumuka, chimodzimodzinso za akale anga aja. Mukuganiza mlamu wanga anachita manyazi? Anauza anthu kuti chaka chino chabwera chitopa chachilendo chosamva mankhwala alionse, ndipo anthu ambiri, poti anali asanaone khola langa, anangogwedeza mitu n'kuvomera.

Pofika Disembala zinthu zinali zitandithina. Kampani yoswetsa anapiye ku Lilongwe imafuna uziodatu, ndipo ukakhala nthawi yaitali osaoda malo ako amapatsa wina. Anandiimbira foni mwaulemu kuti ngati Januwale atha ndilibe maoda, adzapereka malo anga kwa munthu wina wa pa Boma pomwepo amene wakhala akuwapempha. Sindinafunse kuti ndani. Shopu ya anapiye yopanda anapiye ndi chipinda chabe, ndipo chipinda chimenecho ndi chokhacho chimene amuna anga anandisiyira.

Chaka chilichonse ine ndi amuna anga tinkasindikiza makalendala n'kugawira makasitomala pa Khirisimasi. Chaka chimenecho ndinalibe mphamvu zake. Mlamu wanga anali nazo. Anasindikiza ake aakulu, onyezimira, iye ali pakati atavala tayi, atanyamula tambala wonenepa ngati mwana wa mbuzi, pamwamba palembedwa kuti, "Zikomo makasitomala athu chifukwa cha chaka chopambana!" Analemba ganyu wakabaza wa njinga yamoto n'kuzungulira midzi yonse kugawa. Nditaiona kalendalayo m'golosale ya aneba anga ndinaseka mpaka misozi, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe anati, "Amayi, masiku ano anthu sayenda. Jambulani mawu pa foni, mutumize ku gulu la pa foni la makasitomala anu. Munene kuti chaka chinali chovuta, mwamva nawo ululu, koma kutsogoloku kuli bwino. Mwachidule, mwaulemu, osatchula munthu." Ndinayesa. Ndinkayamba bwinobwino: "Makasitomala anga okondedwa, chaka chathachi chatipweteka tonse." Ndikafika pakati lilime linkapotoka lokha: "makamaka inu amene munamvera njoka ya tayi." Ndinkafufuta, n'kuyambiranso. Ulendo wina ndinafika mpaka kumapeto osatukwana, koma nditamvetsera ndinamva mawu a munthu wowerenga chilengezo cha maliro a munthu amene samudziwa. Nawonso ndinafufuta.

Aneba anga a golosale aja ankandimva ndikulimbana ndi foni kuseri kwa khoma. Tsiku lina anabwera n'kukhala pa thumba la chakudya cha nkhuku.

"Achemwali," anatero, "munthu nyumba yake itapsa, mungamutumizire pepani pa foni?"

"Ndiye ndipite kwa anthu amene ananditukwana?"

"Pitani. Inu mwakwiya, iwo ali ndi manyazi. Wamanyazi sayamba kubwera. Koma mukapita musakagulitse kanthu. Mukangotulutsa malonda, pepani wanu wafa."

Anandipatsa malangizo a munthu woopa Mulungu, ine n'kuwatenga ndi mtima wa munthu wofuna kubwezera. Usiku sindinaganize za manyazi a makasitomala. Ndinaganiza za kalendala ija itapachikidwa m'nyumba iliyonse imene kuseri kwake kuli khola lopanda kanthu. Ndinaona kuti mlamu wanga wadzikumbira yekha dzenje, ndipo ntchito yanga inali yongopita kukaima pambali pake.

Chaka chatsopano chitangolowa ndinaitana wakabaza yemwe uja amene ananyamula makalendala. Ndinamuuza kuti andipititse paliponse pamene anapita ndi mlamu wanga, osadumpha khomo. Anandiyang'ana, n'kumwetulira. Ndinavala chitenje chakuda, mpango kumutu, monga ndimavalira popita kukapepesa maliro amene anandipeza ndili kutali. M'manja sindinanyamule chilichonse.

Mvula inali itagwa, misewu ya cha ku Ludzi ili matope okhaokha, ndipo tinagwa kawiri tisanafike khomo loyamba. Eni ake, mayi wamasiye amene ankaweta nkhuku zoikira mazira, atandiona anafuna kuthawira m'nyumba. Ndinaodira mokweza. Anandiyalira mphasa akuyang'ana kumbali, ndipo titalonjerana ndinati, "Mayi, sindinabwere ndi malonda. Ndinamva zimene zinakuonekerani, ndiye ndati chaka chisapite patali ndisanabwere kudzakuonani. Pepani kwambiri." Kenako anayamba kufotokoza, mmene yoyamba inayambira kuodzera, mmene anakwiririra zina kudzala, mmene mwana wawo ankafunsira dzira m'mawa. Ndinawasiya alankhule mpaka amalize. Ndinapempha kuti andionetse khola, ndipo tinakaima pakhomo pake awiriwiri, tikuyang'ana zomwera zogadabuzika.

Pamakomo oyambirira ndinaphunzira kuti mawu a chiyembekezo ali ndi nthawi yake. Kwa bambo wina ndinafulumira kunena kuti, "Musadandaule, chaka chino zikhala bwino," iwo asanamalize kudandaula, ndipo anandiyang'ana ngati ndawaponda chilonda. Kuyambira pamenepo ndinkadikira mpaka mwini wake afunse yekha kuti, "Nanga titani?" Akafunsa ndiye ndinkanena zimene ndikudziwa: sesani zonse za m'kholamo mutenthe, tsukani zomwera ndi zodyera, tsirani laimu, lisiyeni lipume masabata angapo. Mukadzayambiranso yambani ndi zochepa. Nthawi ya katemera mudzasonkhane ndi aneba, ndidzabwera ndekha ndi kabokosi ka ayezi, botolo ndidzalitsegulira pamaso panu, mudzaligwire ndi dzanja lanu mumve kuzizira kwake. Sindinalonjeze munthu kuti nkhuku sizidzafanso. Ndinkangoti khola likadalipo, manja mukadali nawo, ndipo ine sindinasamuke.

Mlamu wanga sindinamutchule paliponse. Sindinafunikire kutero. Akandilowetsa m'nyumba kuthawa mvula, ndinkakhala moyang'anana ndi kalendala ija, n'kuiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako n'kunena mofatsa kuti, "Tambala wokongola bwanji." Basi. Ena ankaseka mowawidwa. Mayi wina anaimirira pomwepo, n'kuithothola pakhoma, n'kuipinda kuti ana akutire makope. Bambo wina anawerenga mokweza mawu aja akuti chaka chopambana, kawiri, n'kufunsa mkazi wake kuti, "Kodi anapambana ndani?" Ndikamakwera njinga kubwerera mtima wanga unkavina. Ndisakunamizeni, zinkandikoma kwambiri.

Maoda anayamba kubwera, koma a anthu osweka mtima, pang'onopang'ono, osakwanira kusunga malo anga ku kampani kuja. Amene akanandipulumutsa ndi gulu la amayi a ku Guilleme, ndipo gululo silikanasuntha popanda atcheya awo. Ndinawasungira kumapeto dala, monga mwana amasungira nyama. Ndinkafuna ndikawaone nkhope yawo mayi amene ananditcha wogulitsa madzi. Mawu oti ndikanene ndinkawayeserera ndikuchapa, ndikuphika, ngakhale ndili m'tchalitchi.

Wakabaza ndi amene anandiuza kuti gululo limakumana Lachinayi masana pakhomo pa atcheya, ndiponso kuti Lachinayi limenelo mlamu wanga waitanidwa kukakamba za maoda a anapiye. Mphekesera za maulendo anga zinali zitamufika, ndiye ankathamangira kutseka khomo lalikulu ndisanalowepo. Ndinati tiyeni, tikafike iye atayamba kale.

Tinapeza amayi atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atcheya ali pakati, mlamu wanga ali pampando, tayi ili pakhosi, mpukutu wa makalendala otsala uli pamiyendo. Atandiona nkhope inamugwa, koma anadzigwira msanga.

"Aa, alamu! Mwatipeza. Bwerani mukhale pampando pano."

"Zikomo alamu, khalani. Ine ndi wa pamphasa."

Ndinakhala pansi pamodzi ndi amayiwo. Anandipatsa moni mmodzimmodzi monga mwa mwambo, ena mosangalala, ena mongokwaniritsa. Atcheya anandipatsa moni wouma, osandiyang'ana kumaso. Ndinaona kuti awonda. Ndi mayi wamtali, wa mawu aakulu, amene kale akalowa m'shopu mwanga ankadzaza chipinda chonse, koma tsiku limenelo chitenje chinkawazungulira kawiri.

Mlamu wanga anapitiriza zimene ankanena. Anati zakale zapita, tisayang'ane m'mbuyo, chaka chino ndi cha madalitso, amene akufuna kulemera alembetse lero. Analankhula bwino, pakamwa Mulungu anamupatsa. Koma pa mawu ake onse panalibe pepani ngakhale mmodzi, ndipo amayi ankangothyola timitengo n'kumajambula pansi.

Atatha, atcheya anati, "Nanunso mayi, poti mwabwera, nenani chimene mwadzera."

Ndinagwada, n'kuwomba m'manja pang'ono. Ndinati, "Amayi anzanga, ine ndilibe kalendala, ndilibenso malonda lero. Ndabwera kudzakupatsani moni wa chaka chatsopano, koma sindinganene kuti chaka chabwino ndisananene kuti pepani. Chaka chathachi chinali choipa. Ndikudziwa kuti pano pali amene ankadalira nkhuku zija pa feteleza, ena pa fizi, ena pa malata. Ndikudziwa kuti munagona m'makola, munayesa tsabola, munayesa phulusa, munayesa chilichonse chimene munauzidwa. Simunali aulesi. Inenso chaka chimenechi chinandipweteka, mwina mukudziwa mmene chinandipwetekera. Koma taonani, tonse tilipo, mvula yagwa, chimanga chamera. Makola aja akhoza kuliranso, ndipo tsiku limene mudzafune kuyambiranso mudzandipeza pomwe paja."

Mayi wina kumbuyo anayamba kulira chamumtima. Wina anati, "Zikomo, mwatiyendera." Mlamu wanga anakhosomola n'kuyang'ana wotchi. Ine ndinkaona kuti zikuyenda monga ndinafunira, ndipo ndinkangodikira kuti wina atchule kalendala ija.

Atcheya sanatchule kalendala. Anakweza mutu n'kundiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Mayi, ndikufunseni. Ndamva kuti nkhuku zanu zilipo."

"Zilipo."

"Chitopa sichinafike kwanu?"

"Chinafika. Zinafapo zochepa."

"Munazitemera ndi katemera yemwe uja? Amene tinamukana ife?"

"Yemwe uja. Magetsi akathima ankagona m'furiji ya a golosale aja, ndipo alamu angawa akudziwa, poti ankanyamula okha kabokosi kake."

Mlamu wanga anayamba kuti, "Ayi, nkhani yake ndi yakuti chitopa cha chaka chino..." Atcheya anangokweza dzanja osamuyang'ana, iye n'kutseka pakamwa.

"Ndiye mundiuze zoona, mayi. Tikanabwera kwa inu nthawi ija, nkhuku zathu zikanakhalapo lero?"

Funso limenelo ndinali ndisanalikonzekere. Ndinkadziwa zimene mudzi wonse unkadziwa, kuti atcheya ndi amene anauza gulu lonse kuti lisiye katemera wanga, ndipo amayiwo anawamvera chifukwa sanawasokeretsepo. Ndinkadziwanso kuti nkhuku za atcheya zinali za fizi ya mwana wawo wamkazi amene anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, ndipo mwanayo anali pomwepo pakhonde akusenda chinangwa, anzake atapita kale kusukulu. Bodza la mlamu wanga lakuti kunabwera chitopa chosamva mankhwala ndi limene linkawagoneka tulo mayi ameneyu. Likakhala loona, palibe amene analakwa. Ndikanatha kuyankha kuti zimenezo akudziwa ndi Mulungu, ndipo aliyense akanapita kwawo ndi nkhope yake. Koma pamenepo mlamu wanga akanadzuka pampando paja ali munthu, n'kulemba maoda, ine n'kukatseka shopu ya amuna anga.

Ndinamuyang'ana mlamu wangayo. Anali akutuluka thukuta, maso ake akundipempha monga ankandipemphera ndiwo zowonjezera masiku aja. Ndinakumbukira kuseka kwa ogulitsa tomato.

"Zikanakhalapo," ndinatero. "Osati zonse. Koma zambiri zikanakhalapo."

Phokoso linabuka nthawi imodzi. Amayi anaimirira, ena akuloza mlamu wanga zala, ena akumufunsa kuti ufa uja unali chiyani, wina akufuna amubwezere nkhuku zake zamoyo. Iye anayesa kuseka, anayesa kulumbira, anayesa kunena kuti nayenso anapusitsidwa ndi amene anamugulitsa. Palibe anamumvera. Anadzuka, makalendala n'kugwera m'matope, ndipo anayenda chambuyo mpaka pamsewu. Wakabaza amene anamubweretsa anali atachoka, ndiye anauyamba wapansi, nsapato zonyezimira zija zikumira m'thope. Ndinamuyang'ana mpaka anazimiririka kuseri kwa chimanga. Ndinadikira tsiku limenelo miyezi yambiri, ndipo linakoma monga ndinkaliganizira.

Nditatembenuka ndinapeza kuti zala zina sizinkalozanso kumsewu. Palibe amene anatukwana atcheya. Anangoyamba kukhala motalikirana nawo, ndipo mayi wina wachikulire ananena chapansipansi, koma momveka, kuti, "Ife tinkafuna kupita, anatiletsa ndi eni mpandowa." Atcheya anakhala chomwecho, miyendo itatambasulidwa, manja ali pamaondo. Mwana uja pakhonde anasiya kusenda chinangwa n'kulowa m'nyumba.

Mlembi wa gululo anandikokera pambali n'kunena kuti akambirana, koma ndisadandaule, oda ya gulu ibwera kwa ine. Inabweradi sabata yotsatira, yaing'ono poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo koma yokwanira kuti kampani ija isapereke malo anga kwa wina. Shopu ya mlamu wanga inakhala miyezi ingapo ikugulitsa mphepo, kenako anayamba kugulitsamo zikwama za mafoni. Kumaliro a pabanja timakhala motalikirana, ndipo achibale ena amati ndinamuchititsa manyazi mwana wa eni ake. Akatero ndimawafunsa ngati akufuna anapiye.

Koma tsiku lija ndisanakwere njinga, atcheya anadzuka kuti andiperekeze, poti mlendo saperekezedwa ndi mphepo ngakhale atabwera ndi zotani. Tinayenda awiri mpaka pamene njira ya kwawo imakumana ndi msewu, tikudutsa khola lawo lalikulu la njerwa zootcha, chitseko chili pululu. Ndinafuna kunena kanthu kowalimbitsa mtima, mawu omwe aja amene ndinanena pamakomo onse, akuti sesani, tsirani laimu, yambani ndi zochepa. Sanandifunse kuti atani, ndiye ndinakhala chete.

Pamphambano anaima n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwayenda ulendo wautali kudzatipepesa, zikomo," anatero. "Amayiwa abwera kwa inu, ndiwauza ndekha, kenako mpandowu ndiutula. Zimene ndinakunenani kumsika zija, mwandibwezera, ndipo mwabweza bwino."

"Atcheya, ine ndimafuna alamu anga aja, osati inu."

"Ndikudziwa," anatero. "Koma mwana wanga uja anamva. Ndinamuuza kuti kunabwera matenda osamva mankhwala, n'chifukwa chake sapita kusukulu. Tsopano ndikukalowa m'nyumbamo, ndikamuuze chiyani?"

Anandisiya dzanja, n'kukonza mpango wawo, n'kubwerera pang'onopang'ono kulowera kunyumba kumene mwanayo ankawadikira.